Nkhope ya mkwatibwi yapsa ndi dzuwa, ndikachotsa kufiira akutuwa ngati phulusa

Zuze wa ku Nchalo: Akuluakulu mwaswera bwanji pagulu pano, ine zandivuta ndithandizeni. Loweruka ndinajambula ukwati kuno ku Nchalo, mkwatibwi ndi wa khungu lachialubino, ndiye mukudziwa dzuwa la Okutobala kuno kuchigwa mmene limachitira, tinatuluka mutchalitchi cha m'ma 11 koloko kenako perekaniperekani panja mpaka 3 koloko tenti yake yaing'ono, pofika nthawi ya zithunzi za banja nkhope yonse inali psuu, masaya, mphuno, pachipumi ndi khosi pamene velo sinafike. Mwiniwake wandiuza kuti chonde achimwene kufiirako mukuchepetseko chifukwa chithunzi chachikulu chikakhala pabalaza. Ndalowa mu Lightroom ndatsitsa Saturation ya Red kufika -60 ya Orange -30, kufiira kwachokadi koma munthu watuwa mbuu ngati wagona paphulusa, milomo ngati akudwala, maluwa ofiira anali m'manja aja asanduka ngati akale. Ndikabweza kufiira kukubwereranso. Nditani?

Fatsani Ngabu: Aise ingochipanga chakuda ndi choyera basi nkhani yatha, makasitomala amati ndi sitayilo kkkk

Zuze wa ku Nchalo: Analipira cha makala bigi. Komanso ndayesa kale, pachakuda ndi choyera malo opsa aja akuoneka akuda kuposa kwina ngati zigamba

Biziweki: Kufiira kwa maso kumabwera ndi fulashi, pa foni pali batani lochotsera limenelo mungodina pa diso

Fatsani Ngabu: Biziweki werenga kaye uthenga wonse usanayankhe, akunena khungu osati maso

Biziweki: Aaa pepani netiweki ya ku Bangula, chithunzi chinali chisanatseguke

Madala Alufandika (Nsanje): Mwana wanga Zuze, ife nthawi ya mafilimu tinkatumiza ku Blantyre kukatsukitsa, ndipo wa pamakina uja nkhope ikafiira sankachotsa kala ayi, ankachepetsa majenta n'kuonjezera yelo pang'ono. Kala sachotsa, amaikhotetsa. Iweyo pita pa Tint uikokere kobiriwira, Temp uikankhire kwa yelo pang'ono, uona zisintha.

Zuze wa ku Nchalo: Madala ndayesa pompano, Tint ndaitsitsa ndi 15, masaya akhalako bwino koma diresi loyera lija layamba kubiriwira ndipo mkwati yemwe ndi wakuda bii nkhope yake yaoneka ngati ndiwo zamasamba kkkk

Madala Alufandika (Nsanje): Ndiye wachulutsa

Esinta: Ndangofika kumene kuchokera kumsika wa pa Dyeratu ndikuwerenga zonsezi. A Madala akunena zoona pa mfundo yoti kala imakhotetsedwa osati kuchotsedwa, pamenepo palibe chotsutsa. Pomwe pavuta m'poti Temp ndi Tint zimagwira chithunzi chonse, pomwe vuto la Zuze lili pa masaya ndi mphuno za munthu mmodzi. Diresi silinapse ndi dzuwa, mkwati sanapse, ndiye ukawapatsa mankhwala a wodwala nawonso adwala. Zuze usanakoke china chilichonse bweza zonse pa 0, tsegula chithunzicho mu Photoshop, dina F8 kuti Info ituluke, uisinthe iziwerenga HSB mbali imodzi, H ndi mtundu wa kala, S kuchuluka kwa kalayo, B kuwala kwake, RGB mbali inayo, ndiye kuti redi, girini ndi buluu. Tenga Color Sampler Tool, pamwamba paja Sample Size uike 11 by 11 Average kuti isawerenge kadontho kamodzi, ubaye malo awiri. Koyamba pakati pa tsaya pomwe papsa kwambiri, kachiwiri pakhungu lake lomwe silinapse koma kuwala kwake kukufanana, mwina pansi pa khutu pomwe panali velo. Usabaye pomwe pakunyezimira thukuta kapena mumthunzi. Unditumizire manambala.

Zuze wa ku Nchalo: Achemwali ndapeza. Patsaya R 214, G 128, B 118, ndipo H 6, S 45, B 84. Pansi pa khutu R 232, G 190, B 168, H 21, S 28, B 91

Esinta: Eya, nkhani yonse ili m'manambala amenewa. Taona R, patsaya 214 pakhutu 232, ndiye kuti pamalo opsa redi sanachuluke n'komwe, wachepa. Chomwe chagwa kwambiri ndi G, kuchoka 190 kufika 128. Khungu likapsa kapena munthu akatenthedwa magazi amadzadza m'timitsempha ta pamwamba, ndipo magazi amameza kuwala kobiriwira, n'chifukwa chake pamaoneka pofiira komanso podera. Pakhungu labwino G amakhala pakatikati, pamwamba pa B ndi mpata ooneka, kwa iyeyu mpata wake ndi 22, mpata umenewo ndi umene umapatsa khungu kayelo kaja kooneka kuti munthu ali moyo. Patsaya mpatawo watsala 10 basi. Tsono iwe ukatsitsa Saturation ukuuza kompyuta kuti manambala atatuwo ayandikane, ndipo R, G ndi B akayandikana dzina lake ndi gireyi. Sunabweze kayelo kaja, wangochotsa chokhacho chomwe chinatsala. Kutuwa kwachokera pamenepo.

Zuze wa ku Nchalo: Ndabaya pa chija ndinaononga chija, patsaya pomwepo pakuwerenga 180, 143, 138

Esinta: Waona? G ndi B atsala pang'ono kugundana, H ali pa 7, pafupifupi pomwe anali, sanasunthe kupita kwa khungu lake, ndipo R wagwa mpaka 180 ndiye malowo aderanso. Phulusa lenileni

Fatsani Ngabu: Koma achemwali Saturation yake ndi 45 pomwe kwina ndi 28, ndiye kuti ikufunikabe kutsika, ine sindinalakwe kwenikweni

Esinta: Ikufunika kutsika inde koma ndi yomaliza, ndipo pang'ono. Pali zinthu zitatu zasiyana pamenepa ndipo yaikulu ndi H, 6 ndi 21. Ukayamba wakonza imeneyo n'kuwalitsako malowo, upeza kuti diso lasiya kale kudandaula ngakhale S akadali pamwamba. Zuze panga chonchi. Ika leya ya Hue/Saturation, pomwe palembedwa Master usankhe Reds. Pansi pali timizere tiwiri ta makala tili ndi tizogwirira tinayi, manambala ake amayamba ali 315 ndi 345 mbali ino, 15 ndi 45 mbali inayo. Tanthauzo lake n'loti kuyambira 345 kudutsa pa 0 mpaka 15 ikugwira ndi mphamvu zonse, kenako mphamvu ikuchepa pang'onopang'ono mpaka 45. Khungu labwino la mkwatibwi wako lili pa 21, ndiye kuti ukasiya momwemo nalonso ligwidwa, lisanduka yelo pomwe tsaya likukhala bwino, kusiyana kuja kukhalapobe. Anthu ambiri amagwera pamenepa.

Zuze wa ku Nchalo: Ndiye ndizisuntha bwanji osaona chomwe chikugwidwa

Esinta: Kokera Hue mpaka kumapeto kwenikweni, +180, usaope. Paliponse pomwe leyayo ikugwira pasanduka mtundu wachilendo wabuluu, munthu aoneka ngati chilombo cha mufilimu koma ndi zongoonera. Kenako gwira tizogwirira tiwiri ta kumanja uzitikokera kumanzere pang'onopang'ono ukuyang'ana nkhope, buluu uja ayamba kuchoka pakhungu labwino n'kutsala pa masaya, mphuno, chipumi ndi khosi pokha. Ndi manambala akowa ndikuganiza kuti 15 uja afika cha pa 10, 45 uja cha pa 20, koma khulupirira maso osati ine. Tiwirito usatigundanitse, pakhale kampata, ukatiphatikiza m'mphepete mwa malo opsa mutuluka mzere wakuthwa ngati mapu. Ukakhutira bweza Hue pa 0 n'kuyamba kukwera, +8, +10, +12, ukuyang'ana H wa patsaya pa Info.

Zuze wa ku Nchalo: Kkkkk wasandukadi wabuluu, mwana wa achimwene anga wathawa pa laputopu

Zuze wa ku Nchalo: Ndafika +13, H akuwerenga 18. Eee achemwali kusintha kwake, khungu labwerera ndipo silinatuwe. Ndipitirize mpaka 21?

Esinta: Ima pomwepo. Tsaya la munthu aliyense limakhala lofiirirako kuposa pansi pa khutu, ukalinganiza ndendende nkhope imaoneka ngati ya chidole cha m'sitolo ya zovala. Tsopano Lightness ya pa leya yomweyo ikweze pang'ono, +4 kapena +5, chifukwa malo opsa ndi oderapo, B wa kuwala uja anali 84 kwina 91. Usapyole kwambiri, Lightness imeneyi imathira ngati ufa woyera, ukaichulutsa kutuwa kumabweranso kudzera khomo lina. Pomaliza ndiye Saturation, -5 mpaka -10 basi. S akafika m'ma 35 usiye, osathamangira 28.

Madala Alufandika (Nsanje): Ndi zomwe ndimanena zija, kungoti zanu zachuluka mabatani

Esinta: Ndi zomwezo Madala, ndipo njira yanu yeniyeni ilimo mu Photoshop, leya ya Selective Color, pa Reds kutsitsa Magenta n'kukweza Yellow. Imagwira bwino kufiira kukakhala kochepa, ngati munthu wangovina kwambiri. Ine ndimakonda Hue/Saturation pa kupsa kwenikweni chifukwa imandilola kupanikiza malire aja, Selective Color silola

Zuze wa ku Nchalo: Koma pali vuto lina, milomo yasanduka olenji ngati wamwa sobo, maluwa aja nawo asintha, ndi tayi ya mkwati

Esinta: Eya ndimadikira zimenezo. Kompyuta sidziwa kuti uwu ndi mlomo ili ndi tsaya, ikungoona zofiira. Dina pa masiki yoyera ili pambali pa leyayo, Ctrl+I kuti ide, zonse zibwerera mwakale. Tenga burashi yofewa, Hardness 0, kala yoyera, Flow cha pa 10, uzipaka pomwe papsa pokha mobwerezabwereza, pakati pa tsaya kambiri m'mphepete pang'ono. Milomo usaikhudze, m'kona mwa maso ndi m'zikope usakhudze, nkhama ngati akuseka usakhudze, malo amenewo amayenera kufiira ndipo ukawachotsa munthu amaoneka wodwala ngakhale khungu lili bwino. Koma makutu, khosi ndi manja usaiwale, ndaonapo chithunzi nkhope ili bwinobwino koma dzanja lomwe lavala mphete lili psuu ngati la munthu wina.

Tiyamike: Ndakhala chete ndikuwerenga koma ndiyankhulepo. Mchimwene wanga ndi wachialubino ndipo chomwe chimandinyansa n'choti ojambula ambiri akamati akukonza amamusintha mtundu, wina anamupanga olenji kuti aoneke ngati mzungu wa pa kalendala, wina anamuderetsa kuti afananeko ndi ife abale ake. Iye anakana kuchipachika. Khungu lawo mwachibadwa limakhala lapinki pang'ono, si vuto lofunika kukonza. Ndiye Zuze samala usapyole

Esinta: Tiyamike wanena mfundo yomwe ndimafuna ifike. N'chifukwa chake ndinati abaye pakhungu la mkwatibwi mwiniwake osati kutenga manambala a pa intaneti. Pali lamulo lomwe osindikiza amalitchula loti pakhungu loyera yelo azikhala pamwamba pang'ono pa majenta, limathandiza ukasowa poyambira, koma linapangidwira anthu ena, ukalikakamiza apa umupatsa khungu la eni. Muyeso ndi pansi pa khutu pake basi

Tiyamike: Komabe ine ndikanasiyako kufiira kochulukirapo kuposa mmene mukunenera. Tsiku limenelo kunali dzuwa, anavina, anasangalala, bwanji chithunzi chiname?

Zuze wa ku Nchalo: Achemwali a Tiyamike ndikukumvani koma wapempha ndi mwiniwake, sindinayambe ndine. Anati akadziona pagalasi m'mawa uja sanali choncho

Tiyamike: Ngati wapempha yekha chabwino. Koma umutumizire ziwiri asankhe, usamusankhire. Ndipo nonse ojambula muphunzire, munthu wachialubino simumuimika padzuwa la masana kuno kuti mukufuna kuwala kwabwino, kupsa kumeneko si kwa pachithunzi pokha, kumapweteka ndipo kukachuluka kumabweretsa zilonda ndi khansa ya pakhungu. Ambulera, chipewa cha khonde, mafuta oteteza kudzuwa, ndipo zithunzi za panja muzijambula pansi pa mtengo kapena dzuwa litapendeka

Zuze wa ku Nchalo: Pamenepo ndavomera kulakwa, a komiti anachedwetsa pulogalamu koma inenso ndikanatha kunena kuti zithunzi za awiriwa tijambuliretu m'mawa asanalowe mutchalitchi

Fatsani Ngabu: Funso langa, zonsezi sizingatheke mu Lightroom momwemo? Zithunzi za ukwati zimakhala 300, ulowa nazo mu Photoshop chimodzichimodzi mpaka Khirisimasi

Esinta: Zimatheka. Mwachangu, pa HSL gawo la Hue kokera Red kumanja kuti apite kwa olenji, mwina +15 kapena +20, Luminance ya Red ukwezeko pang'ono, Orange usamukhudze chifukwa khungu la wina aliyense pachithunzipo lili mu Orange, Zuze atatsitsa Orange ndi 30 paja ndi pomwe anatuwitsa mpaka aperekezi. Kungoti manambala a Lightroom si madigiri ngati a Photoshop ndiye +13 wa uku si +13 wa uko, ndipo HSL imagwira chithunzi chonse, milomo ndi zitenje zofiira zisintha. Yabwino ndi masiki ya Brush, upake pa masaya, kenako Hue ya mkati mwa masikimo uisunthe pang'ono utachonga Use Fine Adjustment apo ayi imathamanga kwambiri. Amene muli ndi Lightroom Classic yatsopano kuyambira ya kumapeto kwa 2023 muli Point Color, mumabaya patsaya pomwepo n'kupanikiza malire ngati tachitira muja, ndipo imagwiranso mkati mwa masiki

Fatsani Ngabu: Ndiye ndikapanga chimodzi ndingokopera pa zonse

Esinta: Za HSL ungakopere pa zithunzi zojambulidwa malo amodzi kuwala kumodzi. Za burashi ayi, mutu ukasuntha masiki imatsala pomwe inali, upeza wakonza khoma. Komanso kumbuka kuti 11 koloko anali asanapse ngati 3 koloko, ukakopera za madzulo pa za m'mawa asanduka wachikasu ngati ali ndi chikasu chenicheni. Ine ndimasankha zithunzi 15 kapena 20 zomwe nkhope ili pafupi ndi zomwe zikasindikizidwe zazikulu, zimenezo ndimazigwira ndi manja, za gulu zomwe nkhope ndi kadontho HSL yokha imakwana

Biziweki: Tsopano chithunzi chatseguka kkkk. Ine ndili ndi langa lofanana, chinkhoswe cha ku Bangula sabata yatha anthu onse atuluka ofiira, ankhoswe, agogo, ana, mpaka mbale za nsima. Ndipange zomwezi? Koma ine ndilibe laputopu ndimagwiritsa Snapseed

Madala Alufandika (Nsanje): Tenti inali ya mtundu wanji

Biziweki: Yofiira ndi yoyera ya mizeremizere

Madala Alufandika (Nsanje): Basi ndi imeneyo. Ngati nsima yafiira ndiye kuti si magazi, nsima ilibe magazi. Dzuwa ladutsa mu tenti n'kupaka aliyense. Apa ndiye mankhwala anga aja a Tint akugwira ntchito, Esinta usanditsutsenso

Esinta: Kkkk apa sinditsutsa Madala, mwalasa. Kayezedwe kake n'komweko, yang'ana chinthu chomwe ukudziwa kuti n'choyera, malaya, mbale, mano. Chikafiira nacho vuto ndi kuwala, konza White Balance ya chithunzi chonse kaye. Chikakhala choyera koma tsaya lokha lafiira vuto ndi khungu. Ndipo Zuze nawenso ndikanayenera kukufunsa zimenezi poyamba, diresi likuwerenga bwanji?

Zuze wa ku Nchalo: Pomwe sipanawalitsitse pakuwerenga 236, 235, 233, ndinajambula kunja kwa tenti

Esinta: Ndiye zili bwino, kuwala kunalibe mlandu. Biziweki mu Snapseed lowa White Balance, muli kachida kobayira, ubaye pa malaya oyera a munthu yemwe ali pansi pa tentiyo. Ngati pambuyo pake pali wina yemwe nkhope yafiirabe, usagwiritse Selective chifukwa mmenemo mulibe Hue, muli Saturation yomwe yatuwitsa mnzakoyi. Panga White Balance yachiwiri, Tint uikokere kobiriwira pang'ono ukuyang'ana nkhope yokhayo, uvomereze, kenako lowa View edits, dina pa White Balance yachiwiriyo usankhe kaburashi, upake pa masaya pokha. Kapena Curves, kukweza mzere wa Green pakati pang'ono kwambiri, n'kupakanso chimodzimodzi. Si yosalala ngati Photoshop koma imaphula

Biziweki: Koma mbali ina ya chithunzi anthu ali kunja kwa tenti, ndikakonza a mkati akunjawo akubiriwira

Esinta: Kuwala kuwiri pachithunzi chimodzi, pamenepo palibe batani limodzi, upake ndi burashi mbali ya mkati yokha ndipo pamalire sipadzakhala bwino kwenikweni. Ulendo wina uwatulutse mu tenti

Fatsani Ngabu: Ine ndimajambulako alendo obwera ku Majete, azungu akakhala pagalimoto yotsegula m'mawa wonse amabwera ngati tomato, ndipo ndaona kuti pena ngakhale ukhotetse Hue pamphuno pamangokhala chigamba chosalala chopanda timabowo ta khungu. Chimenecho n'chiyani

Esinta: Baya pamenepo uone R. Akakhala 255 ndiye kuti tchanelo chofiira chinadzadza pojambula pomwe, zambiri za pamalopo zinatayika, makamaka ukajambula JPEG ndi kala yokwezedwa ngati Vivid pa Nikon kapena Landscape pa Canon. Kukhotetsa kumasintha mtundu koma sikubweza zomwe kamera sinasunge. Ukakhala ndi RAW tsitsa Exposure kapena Highlights kaye nthawi zambiri zimabwerera. Pa JPEG ndi kuvutika ndi Healing Brush kubwereka khungu la pambali. Pojambula yatsa histogiramu ya RGB uziona yofiirayo, imagunda khoma ina isanafike. A Canon mulinso Color tone mu Picture Style, kupita ku + khungu limapendekera kwa yelo, ku - limafiira, ukaona mlendo wapsa ika +1 usanayambe, Madala ndi batani lanu limeneli

Madala Alufandika (Nsanje): Limenelo ndimalidziwa, langa limakhala pa +1 chaka chonse

Tiyamike: Nanga ife akuda? Ine ndikatenthedwa sindifiira koma zithunzi zanga ojambula amandituwitsabe

Esinta: Pakhungu lakuda kufiira kwa magazi kumabisika, chomwe chimaoneka ndi kunyezimira kwa thukuta, ndipo thukuta likamaonetsa thambo pachipumi pamaoneka motuwa mopita kubuluu. Wojambula akaona choncho n'kutsitsanso Orange kapena kukweza Shadows mopyola, munthu amaoneka ngati sanadzole mafuta. Pamenepo kala imafunika kubwezeredwa osati kuchotsedwa, leya yopanda kanthu blendi yake pa Color, kutenga kala patsaya labwino n'kupaka mopepuka. Koma ndi nkhani ina imeneyo tidzaitsegulire tsiku lake. Omwe ndimakumana nawo ofiira zenizeni pakati pathu ndi amayi odzola mafuta oyeretsa aja, masaya psuu koma m'mbali mwa nkhope ndi m'zala muli bii, amenewo ndiye mutu umandipweteka chifukwa sudziwa kuti khungu lake lenileni ubaye pati

Fatsani Ngabu: Ubaye pa chithunzi cha pa chitupa kkkkk

Zuze wa ku Nchalo: Magetsi anathima ndinasowa, ndabwera. Ndamaliza, patsaya pano pakuwerenga 224, 169, 143, H 19, S 36, B 88. Milomo ndi maluwa zili momwe zinalili. Koma pakhosi pomwe panathera velo pali mzere, mbali yopsa ikuonekabe yodera ngakhale kala yafanana, ngati wavala mkanda wa dothi

Esinta: Kala yafanana koma kuwala sikunafanane. Osaonjezera Lightness ija. Ika Curves yatsopano, blendi yake uike Luminosity kuti isakhudze kala, kweza pakati pang'ono, masiki yakuda, burashi Flow 5, upake mbali yoderayo motsatira mzerewo. Kuti uone bwino ika leya ya Hue/Saturation pamwamba pa zonse Saturation -100 kwa kanthawi, zigamba zodera zimaonekera poyera kala ikachoka, ukamaliza uifufute. Kenako chepetsa chithunzi chikhale chaching'ono ngati cha pafoni, uchoke kaye ukamwe madzi, ukabwera uzimitse ndi kuyatsa leya zonse. Diso likakhalitsa pa zofiira limazolowera ndipo umapyola osadziwa, kawirikawiri ine ndikabwerako ndimatsitsa Opacity ya gulu lonse kufika 70 kapena 80

Tiyamike: 70 imeneyo ndi yomwe ine ndimanena

Esinta: Mwina tikukumana pakati kkkk, koma pa chachikulu chopachika ine ndikanasiya 85

Madala Alufandika (Nsanje): Usanasindikize chachikulucho tumiza kaye kakang'ono ka 4 ndi 6 ku makina omwewo uone. Makina ena amaonjezera kala okha, ndipo pepala silifanana ndi sikirini, ndinatayapo ndalama ya felemu yonse chifukwa cha zimenezi. Uwauze azimitse zokonza zokha zija, ndipo kakang'onoko ukaonere panja pamthunzi osati pansi pa babu

Zuze wa ku Nchalo: Takhuta Madala, takhuta achemwali. Ndamutumizira ziwiri, ya 70 ndi ya 85, ndamuuzanso azimitse kaye kuwala kwa usiku kuja pafoni yake kumachititsa sikirini yelo

Zuze wa ku Nchalo: Wayankha. Iye wasankha ya 85, amuna ake akuti ya 70 ndi imene ikufanana naye, apongozi akufunsa chifukwa chiyani khutu lakumanzere lili lofiira kuposa lakumanja

Esinta: Ndinakuuza za makutu

Zuze wa ku Nchalo: Ndinapaka limodzi magetsi n'kuthima

Biziweki: Achemwali a Esinta kaburashi kaja mu View edits sindikukaona, ndidine pati